Mabokosi 9 amene sanabedwe: kalaliki watsopano ndi sitoko khadi kwa Ngokwe

Galimoto ya mankhwala ikamafika kwa Ngokwe imakhala itatopa kale. Derali lili kumapeto kwa boma la Machinga, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kumalire ndi Mozambique, pomwe chipatala chachikulu cha boma chili ku Liwonde. Phula amathera m'njira, ndipo nthawi ya dzinja dalaivala amatsitsa katundu diso lili kumwamba, kuopa kuti mvula ingamutsekere msewu. Akadali ndi zipatala zina zoti afikeko. Mawu ake amadziwika: "Achimwene, tangosayinani apa, katundu ndi wokwana."

Amene akuuzidwa mawuwa nthawi zambiri si katswiri wa zamankhwala. Sukulu ya Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa othandizira ku famase kwa zaka ziwiri, koma sanakwanire zipatala zonse zazing'ono. M'malo ambiri akumudzi, makiyi a chipinda chosungira mankhwala amakhala ndi mlangizi wa zaumoyo kapena wothandizira m'chipatala amene wapatsidwa udindo wa ukalaliki. Munthuyo amaphunzira ntchito ali pantchito pomwepo. Ndipo pa zonse zimene ayenera kuphunzira, palibe chimene chimamuika m'mavuto msanga kuposa mphindi zochepa zolandira katundu, ndi zimene amachita akazindikira kuti nambala imene analemba ndi yolakwika.

Tiyerekeze ndi mtsikana amene wangoyamba kumene ntchitoyi pa chipatala chaching'ono cha kumalo ngati kuno, mu Febuluwale, malungo ali pachimake. Manambala amene titsatire ndi ongoyerekeza, koma kachitidwe kake ndi komwe kamafunika m'chipinda chilichonse chosungira mankhwala.

Pepala likunena zina, manja anene zawo

Dalaivala amabwera ndi pepala lotchedwa delivare noti. Pepalali limanena zimene wotumiza akukhulupirira kuti anakweza m'galimoto: dzina la mankhwala, mphamvu yake, kuchuluka kwake, bachi nambala ndi tsiku lothera ntchito. Wotumizayo angakhale Central Medical Stores Trust, kapena kampani yonyamula mankhwala a malungo ogulidwa ndi mabungwe monga Global Fund. Kalaliki watsopano ayenera kumvetsa kuti pepalali ndi mawu a wotumiza chabe. Likasayinidwa limasanduka mawu a wolandira. Kuchokera pamenepo, chilichonse chimene chasowa chasowera m'manja mwa amene wasayina.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Katundu wolandiridwa ndi amene wawerengedwa pansi, osati amene walembedwa papepala.

Tsono pa 4 Febuluwale delivare noti ikuti LA wa 6x4, mabokosi 40. Apa ndi pamene pali msampha woyamba, msampha wa muyezo. LA, mankhwala amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito pa malungo mu 2007 m'malo mwa Fansidar, amabwera m'mitundu inayi potengera sikelo ya wodwala. Wa 6x1 ndi wa ana aang'ono, paketi yake ili ndi mapilitsi 6. Wa 6x4 ndi wa munthu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposa, paketi yake ili ndi mapilitsi 24. Bokosi limodzi limakhala ndi mapaketi 30, ndipo mabokosiwo amaikidwa m'makatoni aakulu. Choncho katundu yemweyo angathe kuwerengedwa m'njira zinayi: makatoni, mabokosi, mapaketi kapena mapilitsi. Mabokosi 40 ndi mapaketi 1,200. Kalaliki asanagwire cholembera, ayang'ane pamwamba pa sitoko khadi ya mankhwalawo aone muyezo umene khadiyo imayendera. Pa khadi ya m'chitsanzo chathu, muyezo ndi paketi, chifukwa paketi imodzi ndi wodwala mmodzi.

Kuwerenga kumachitika dalaivala ali pomwepo, komanso pali mboni: mkulu wa chipatala, amene ambiri amangoti a inichaji, ndi membala wa komiti ya anthu a m'dera yoyang'anira chipatala. Mboni za komitizi anthu ena amaziona ngati mwambo chabe. Koma kwa kalaliki ndi chitetezo chachikulu, pakuti tsiku la mlandu ndi iwo amene adzanene kuti anaona ndi maso mabokosi akuwerengedwa. Katoni yomata bwino kuchokera ku fakitale ikhoza kuwerengedwa potengera nambala yolembedwa kunja kwake. Katoni imene inatsegulidwapo n'kumatidwanso ndi tepi ina, yophwanyika, yonyowa kapena yopepuka poinyamula, itsegulidwe. Katoni yomaliza, imene wopakira anaikamo zotsalira zosakwana katoni yathunthu, ndiyo kawirikawiri imabisa vuto.

Mtsikana wathu wawerenga, wapeza mabokosi 38. Wawerenganso, a komiti nawo awerenga paokha, akadali 38. Mabokosi awiri palibe, kutanthauza mapaketi 60, odwala 60. Mwina anatsala posungira katundu, mwina anatsitsidwa molakwika pa chipatala chimene galimoto yadzera. Si ntchito ya kalaliki kuweruza zimenezo, ndipo si ntchito yakenso kukangana ndi dalaivala. Ntchito yake ndi kulemba pa delivare noti, pamzere womwewo wa LA, kuti olandiridwa ndi mabokosi 38, osowa 2, ndipo mawuwo aoneke pa makope onse, la dalaivala ndi lotsala pachipatala. Kenako asayine iye, a inichaji, a komiti ndi dalaivala yemwe, n'kulemba tsiku. Dalaivala akanena kuti adzabweretsa ulendo wina, ndi bwino, koma lonjezo sililowa pa khadi. Akadzabwera nawo mabokosi awiriwo, adzalembedwa tsiku lomwelo ngati katundu watsopano.

Asanatsanzikane ayang'anenso zinthu ziwiri. Bachi nambala ya pabokosi ifanane ndi ya papepala, chifukwa tsiku lina boma likadzalamula kuti mankhwala a bachi yakutiyakuti abwezedwe, chipatala chidzadziwa ngati chinalandirako. Ngati katundu wamtundu umodzi wabwera m'mabachi awiri, aliyense amakhala ndi mzere wake pa khadi. Tsiku lothera ntchito nalo lifananitsidwe, ndipo poika pashelefu, zothera ntchito msanga zikhale kutsogolo ngakhale zitakhala kuti ndi zimene zafika lero. Katundu wophwanyika kapena wonyowa asasakanizidwe ndi wabwino. Alembedwe padera pa delivare noti, aikidwe pambali.

Mzere umodzi pa khadi

Mankhwala aliwonse, pa mphamvu yake ndi paketi yake, ali ndi sitoko khadi yawoyawo, ndipo khadiyo imakhala pashelefu pafupi ndi mankhwalawo. LA yekha ali ndi makhadi anayi. Mzere wa katundu wolandiridwa umafuna tsiku, nambala ya delivare noti, kumene katundu wachokera, kuchuluka kwa zolandiridwa, bachi nambala, tsiku lothera ntchito, zotsala m'chipinda pambuyo pophatikiza, ndi siginecha ya wolemba. Pali danga la zotuluka, la zoonongeka ndi zokonza, komanso la ndemanga. Pa mzere wolandira, madanga a zotuluka ndi zoonongeka amasiyidwa opanda kanthu.

Khadi ya LA wa 6x4 inali ndi mapaketi 150 galimoto isanafike. Mabokosi 38 kuchulukitsa ndi 30 ndi mapaketi 1,140. Zotsala ziyenera kukhala 1,290. M'danga la ndemanga alembe kuti delivare noti imati mabokosi 40, afika 38. Mapaketi 60 osowa aja salembedwa ngati zoonongeka kapena zotayika, chifukwa sanalowepo m'chipindamo. Akalaliki ena amalemba 1,200 polandira kenako n'kuchotsa 60 ngati zotayika. Masamu amatuluka chimodzimodzi, koma khadiyo tsopano ikunena kuti chipatala chinalandira katundu yense n'kutaya wina, zomwe si zoona, ndipo ndi kudzisenzetsa mlandu wa eni ake.

Mzerewu ulembedwe tsiku lomwelo, ndi inki, katundu asanayambe kutuluka. Chiyeso chimakhalapo chachikulu, chifukwa panja pali mzere wa odwala amene akhala akudikira LA, ndipo namwino akufuna bokosi pompano. Bokosi likatuluka khadi isanalembedwe, madzulo palibe amene amakumbukira bwinobwino.

Tsono apa ndi pamene mtsikana wathu wapunthwa. Pakhomo wachita zonse bwino. Koma pofika pa khadi, atatopa, atalemba kale makhadi ena ambiri, dzanja lalemba 1,410 m'malo mwa 1,140. Waphatikiza ndi 150, walemba kuti zotsala ndi 1,560. Masamu ake ndi olondola, nambala yoyambira ndiyo yabodza, ndiye palibe chimene chikumuchenjeza. Pa 10 Febuluwale watulutsa mapaketi 300 kupita koperekera mankhwala, khadi yati 1,260. Pa 17 watulutsa 240, yati 1,020. Pa 24 watulutsanso 300, yati 720. Mzere uliwonse walemba mosamala, koma uliwonse wanyamula bodza la pa 4 Febuluwale.

Tsiku lowerenga

Kumapeto kwa mwezi katundu yense amawerengedwa ndi manja, ndipo zopezeka zimalembedwa pa khadi pamzere wapadera, ambiri amalemba ndi cholembera chofiira kuti uonekere. Pa 28 Febuluwale khadi ikuti 720, omwe ndi mabokosi 24. Pashelefu pali mabokosi 15, mapaketi 450. Kusiyana ndi 270, mabokosi 9 ndendende.

Aliyense amene wagwirapo ntchito m'chipatala cha boma akudziwa mmene mtima umagundira pa nthawi ngati iyi. Kuba mankhwala ndi nkhani yaikulu m'dziko muno, kotero kuti Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa nthambi yofufuza za kubedwa kwa mankhwala. Kwa Ngokwe malire ali pafupi, misika ili pafupi, ndipo pa chipatala chaching'ono mphekesera sizichedwa kufika kwa amfumu. Kalaliki wamantha amayamba kuganiza zobisa. Pamenepo ndi pamene cholakwa chaching'ono cha cholembera chimasanduka mlandu weniweni.

Choyamba ndi kuwerenganso, ndi munthu wina, n'kuyang'ana paliponse pamene LA angakhale: kuseri kwa makatoni ena, pansi pa shelefu, m'katoni yolembedwa dzina lina. Akapezabe 450, asakhudze khadi. Akawauze a inichaji tsiku lomwelo, atenge delivare noti ndi mavocha onse otulutsira katundu a mweziwo, akhale pansi awiri, afananitse mzere uliwonse wa khadi ndi pepala lake.

Nambala ya kusiyanayo imathandiza kudziwa koyambira, chifukwa cholakwa chilichonse chimasiya phazi lakelake. Manambala awiri akasinthana malo, monga 1,140 ndi 1,410, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa 270 kugawa ndi 9 ndi 30. Ziro woonjezera kapena woiwalika amachitanso chimodzimodzi: 240 italembedwa 2,400 imasiya kusiyana kwa 2,160, komwe kumagawikanso ndi 9. Ndi njira yakale ya owerengera ndalama, ndipo imagwira pa mankhwala monga imagwirira pa makwacha.

Cholakwa cha muyezo chimadziwika ndi kukula kwake. Akanalemba mabokosi, 38, pa khadi yoyendera mapaketi, pashelefu pakanapezeka katundu wochuluka kuposa wa pa khadi ndi 1,102. Akanalemba mapilitsi, 27,360, khadi ikanaonetsa LA wa zaka pomwe chipinda chili pafupi kuuma. Zipangizo zoyezera malungo zimavutitsanso motero, popeza bokosi limodzi limakhala ndi zoyezera 25, ndipo wina amalemba mabokosi pomwe mnzake wa dzulo ankalemba chimodzichimodzi. Nambala ikalowa m'danga lolakwika, kusiyana kumakhala kuwirikiza kawiri: mapaketi 240 otuluka ataphatikizidwa m'malo mochotsedwa, khadi imaposa shelefu ndi 480. Ndipo khadi ya 6x4 ikasowa nambala yomwe yapezeka yoonjezera pa khadi ya 6x3, ndiye kuti wolemba anatenga khadi yoyandikana nayo. Mabokosi a LA amafanana kwambiri, ndipo pofulumira diso limanyengeka.

Koma njira ya 9 ija ili ndi malire ake, ndipo wophunzitsa woona mtima ayenera kuwanena. Imangosonyeza koyang'ana, siitsimikizira kanthu. Mabokosi 9 atabedwadi, kusiyana kukanakhalanso 270 yemweyo. Chimene chikupulumutsa mtsikana wathu si masamu, ndi delivare noti ya pa 4 Febuluwale, imene ikuonetsa mabokosi 38 ndi masiginecha a anthu anayi. Mabokosi 38 sangakhale mapaketi 1,410 mwanjira iliyonse, chifukwa 1,410 ndi mabokosi 47, oposa ngakhale 40 amene wotumiza ananena. Akanasayina mothamanga tsiku lija, kapena pepalalo likanatayika m'kabati, akanakhala ndi mawu apakamwa okha.

Kukonza kosiya mapazi

Kakonzedwe kamatengera nthawi imene cholakwacho chaonekera. Akanachiona pa 4 Febuluwale pomwepo, mzere wina usanalembedwe pansi pake, akanangodula 1,410 ndi kamzere kamodzi kopyapyala, koti nambala yakaleyo iziwerengekabe, n'kulemba 1,140 pambali pake. Akanateronso ndi 1,560 kuti ikhale 1,290, n'kuika siginecha ndi tsiku. Kamzere kamodzi basi. Osati kufufuta, osati kupaka tipekisi, osati kukanda ndi lezala, osati kupotoza 4 kuti aoneke ngati 1. Wofufuza mabuku akaona nambala yodulidwa bwino ndi siginecha pambali, amaona munthu amene analakwa n'kukonza. Akaona choyera chopakidwa, amayamba kufunsa chimene chili pansi pake, ndipo kuyambira pamenepo sakhulupiriranso mzere uliwonse wa khadiyo.

Koma pano papita masabata oposa atatu, ndipo pansi pa cholakwacho pali mizere itatu. Apa akalaliki atsopano amakonda kuchita chimodzi mwa zinthu ziwiri, zonse zoipa. Ena amabwerera m'mbuyo n'kudula zotsala zonse, 1,560, 1,260, 1,020 ndi 720, khadi n'kudzaza madulidwe moti palibe angaiwerenge. Ena, aukhondo kwambiri, amatenga khadi yatsopano, n'kukopera zonse mwaudongo, yakaleyo n'kuing'amba. Uku ndiye kulakwa kwakukulu koposa. Khadi ya mwezi wathunthu yolembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, tsiku limodzi, yopanda fumbi ngakhale pang'ono, imadziwika msanga, ndipo imaoneka ngati ntchito ya munthu wobisa kanthu ngakhale mwini wake ali wosalakwa.

Njira yoyenera ndi kusiya mizere yakale mmene ilili, n'kutsegula mzere watsopano ndi tsiku la lero, 28 Febuluwale. M'danga la zoonongeka ndi zokonza alembe -270, chizindikiro chochotsera chioneke bwino. Zotsala zikhale 450. M'danga la ndemanga afotokoze mokwanira kuti munthu wosadziwa nkhaniyi amve: kukonza mzere wa pa 4 Febuluwale, delivare noti nambala yakuti, panalembedwa 1,410 m'malo mwa 1,140. Asayine iye, a inichaji asayinenso. Pa mzere wakale uja aike kachizindikiro kakang'ono ndi mawu oti onani pa 28 Febuluwale, kuti wowerenga kuchokera pamwamba asasokere. Pansi pake pabwere mzere wofiira wa kuwerenga kwa mwezi, 450, womwe tsopano ukugwirizana ndi khadi.

Siginecha yachiwiriyo si yokongoletsa. Danga la zokonza ndi khomo limene wakuba weniweni angadzere mosavuta, chifukwa aliyense angathe kulemba -270 n'kunyamula mabokosi 9. N'chifukwa chake munthu amene analakwitsa sayenera kudzivomereza yekha kukonza kwake, ndipo kukonza kopanda chifukwa cholembedwa, kapena kongoti kufananitsa ndi shelefu, sikuyenera kulandiridwa.

Pali njira inanso yobisira imene ndimaiona kuti ndi yoopsa kuposa tipekisi, chifukwa siioneka ndi maso. Kalaliki amalemba mzere wabodza wa zotuluka, ngati kuti mapaketi 270 anapita koperekera mankhwala. Khadi imagwirizana ndi shelefu, aliyense n'kupuma. Koma tsopano chipatala chikunena kuti chagwiritsa ntchito mapaketi 1,110 m'malo mwa 840, pomwe kaundula wa odwala ndi wa oyezedwa malungo akunena zina. Oyang'anira akabwera amafananitsa LA wotuluka ndi chiwerengero cha anthu opezeka ndi malungo. Kusiyana pang'ono kumatha kufotokozeka, mwachitsanzo pamene 6x4 watha ndipo wamkulu wapatsidwa mapaketi awiri a 6x2. Koma odwala 270 osapezeka m'kaundula aliyense, ndi vocha yopanda wolandira, zimaoneka ngati kuba kuposa mmene cholakwa choyamba chikanaonekera.

Nambala ikachoka pachipatala

Khadi siithera pashelefu. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse chipatala chimadzaza fomu ya lipoti la mankhwala, ndipo manambala ake amalowetsedwa pa kompyuta mu OpenLMIS, pulogalamu imene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2017. Chipatala chopanda kompyuta kapena netiweki yodalirika chimatumiza fomu ya pepala kuti ikalowetsedwe kwina. Pa mankhwala aliwonse pamafunika zoyambira mwezi, zolandiridwa, zogwiritsidwa ntchito, zoonongeka ndi zokonza, ndi zotsala, ndipo ziyenera kugwirizana motere:

```
150 + 1,140 - 840 + 0 = 450
```

Popeza mtsikana wathu wagwira cholakwa lipoti lisanapite, m'danga la `Total received quantity` mulowe 1,140, nambala yoona, ndipo m'danga la `Total losses and adjustments` musalowe 270 uja. Palibe paketi imene inatayika, chimene chinakonzedwa ndi cholembera. Akalemba 1,410 ndi -270, masamu adzatulukabe 450, koma ku likulu kudzaoneka kuti chipatala chinalandira katundu woposa amene anatumizidwa, kenako n'kutaya mabokosi 9.

Nanga akanapanda kuwerenga shelefu, n'kungokopera 720 wa pa khadi, monga amachitira ena mwezi ukathera pa tsiku lotanganidwa? Apa ndi pamene cholakwacho chimafika kwa wodwala. Ogawa mankhwala amayang'ana zimene chipatala chimagwiritsa ntchito pamwezi ndi zimene chatsala nazo, n'kutumiza zokwaniritsa. Chipatala chonena kuti chili ndi 720 chidzalandira zochepa ndi 270 kuposa zimene chikufunikira. Pa liwiro la mapaketi 840 pamwezi, 720 ndi wa masiku pafupifupi 26, pomwe 450 ndi wa masiku 16 okha. Masiku 10 a kusiyanawo, mu Malichi, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ndi asodzi ndi alimi a mpunga obwezedwa opanda mankhwala, pomwe pa kompyuta ya ku Liwonde chipatalacho chikuoneka kuti chili bwino ndipo palibe amene akuganiza zochitumizira thandizo la msanga.

Lipoti lolakwika likapita kale, kukonza khadi yokha sikukwanira. Pulogalamuyi imatenga `Stock on hand` ya mwezi watha n'kuiika ngati `Beginning balance` ya mwezi wotsatira, choncho 720 wabodza uja adzatulukiranso mu Malichi. A inichaji aimbire foni a famase a ku boma, n'kutumiza chithunzi cha khadi ndi cha delivare noti. Ngati lipotilo silinavomerezedwe, likhoza kubwezedwa kuti likonzedwe. Ngati linavomerezedwa kale, kukonzako kumalowa mu lipoti lotsatira ngati -270, ndi chifukwa chake cholembedwa, a ku boma akudziwa. Ngati katundu weniweni sangafike tsiku la galimoto yotsatira, foni yomweyo ipemphe oda yadzidzidzi kapena kubwereka ku chipatala choyandikana nacho, monga cha Chikweo. Katundu wobwerekayo nayenso amalowa pa khadi ndi pepala lake, ndipo chipatala chobwereketsa chimamuchotsa pa khadi yake tsiku lomwelo.

Zimachitikanso kuti awiriwo afananitsa mzere uliwonse, delivare noti ikugwirizana ndi khadi, mavocha onse ali bwino, masamu ali bwino, makhadi oyandikana nawo ali bwino, koma mabokosi palibe. Pamenepo si nkhani ya kukonza cholembera, ndipo kalaliki asaitchule choncho. Khadi ionetse zimene zili pashelefu, kusiyanako kulembedwe ngati zosowa zimene chifukwa chake sichinapezeke, ndipo a inichaji alembe kalata yodziwitsa komiti ya chipatala ndi ofesi ya zaumoyo ya boma sabata yomweyo. Funso loyamba limene lidzafunsidwe ndi la makiyi: ndani anali nawo, masiku ati, ndipo tsiku limene kalaliki anapita kumaliro kapena kumsonkhano ku Liwonde, anasiyira ndani, atawerengerana katundu kapena ayi. N'chifukwa chake kalaliki watsopano, tsiku loyamba lenilenilo, asalandire makiyi kwa amene akuchoka asanawerengere limodzi shelefu iliyonse, n'kusayinirana pa khadi iliyonse nambala imene apeza.